Laivu yanu yoyamba: foni yokha, OBS kapena StreamYard, ndi intaneti imene ingapirire ola lathunthu

Munthu akaganiza zopita laivu koyamba, mtima umathamangira ku kamera: kodi foni yangayi ijambula bwino? Koma owonera sathawa chifukwa choti chithunzi sichikuwala ngati cha pa kanema. Amathawa mawu akamadukaduka, chithunzi chikaima kwa masekondi angapo, kapena akafunsa funso kawiri popanda wowayankha. Ndiye njira zonse zimene ndiziyerekeze pano ndiziyeza ndi muyeso umodzi: ndi iti imene ingakufikitseni kumapeto kwa ola popanda kuduka, inu mukucheza ndi anthu osati kulimbana ndi mabatani.

Kuti tisalankhule za m'mlengalenga, tiyerekeze mayi wa ku Ndirande amene amagulitsa madiresi a kaunjika. Watsegula belo, wasankha madiresi 40 abwino, wachapa ndi kusita, ndipo akufuna kuwagulitsa pa laivu Loweruka kuyambira 7 koloko madzulo. Zimene zingamuthandize iyeyo zigwiranso ntchito kwa wa kwaya, mphunzitsi kapena wofuna kuonetsa chinkhoswe kwa abale a ku Joni.

Khomo lotseguka ndi liti?

Musanasankhe malo, dziwani kuti si malo onse amene angakuloleni kulowa lero. Facebook imafuna kuti akaunti ikhale itatha masiku 60 chiitsegulireni, ndipo peji imayenera kukhala ndi otsatira osachepera 100. YouTube imafuna kuti mutsimikizire nambala ya foni, kenaka mudikire mpaka maola 24 ulendo woyamba laivu isanatsegulidwe. Ichi chimagwetsa ambiri, chifukwa amakazindikira patatsala ola limodzi, anthu atawaitana kale. Komanso kuti muyambe laivu ya YouTube kuchokera pafoni pamafunika olembetsa osachepera 50, pomwe pakompyuta malire amenewo palibe. TikTok imafuna munthu wa zaka 18 kupita m'tsogolo ndipo m'madera ambiri otsatira pafupifupi 1,000. Instagram nayo kuyambira mu 2025 imafuna otsatira 1,000 ndi akaunti yotseguka kwa onse. Malamulowa amasinthasintha, choncho dinani batani la laivu kudakali sabata yathunthu muone ngati likutseguka.

Kwa mayi wathu nkhani ndi yachidule. Makasitomala ake ali pa Facebook, amamudziwa kale, ndipo ambiri amagula bandulo yotsika mtengo ya masamba a mchezo. Kuwakokera ku YouTube n'kuwapempha deta imene alibe. YouTube imaposa pamene mukufuna kuti vidiyo ikhalitse, monga phunziro kapena ulaliki, chifukwa laivu yosakwana maola 12 imasungidwa pa tchanelo ndipo anthu amaipeza akafufuza ngakhale patapita zaka. Facebook kuyambira mu February 2025 imafufuta mavidiyo a laivu pakatha masiku 30, ndiye ngati mukuifuna muyenera kuitsitsa nokha nthawiyo isanakwane. TikTok ili ndi ubwino wobweretsa alendo amene sanakumvenipo, koma ndemanga zimathamanga kwambiri, ndipo munthu woyamba kumene amabalalika nazo.

Foni yokha, OBS, kapena StreamYard

Foni yokha ndiyo njira yaifupi. Mumatsegula pulogalamu, kulemba mutu, kudina batani, basi mwayamba. Ubwino wake waukulu suoneka ndi maso: netiweki ikafooka, pulogalamu imatsitsa yokha kuwala kwa chithunzi kuti laivu isafe. Owonera amaona chithunzi chachimbuuzi kwa kanthawi, koma mawu amapitirira. Zovuta zake zilipo zitatu zofunika kuzidziwa. Foni imatentha, makamaka ikamajambula ili pa chaja ndi chikuto chake, ndipo ikatentha kwambiri imayamba kuchedwa kapena kutseka kamera. Munthu akakuimbirani, laivu imatha kuima, ndipo pa mafoni ambiri a masimu awiri kuimba kobwera pa simu inayo kumadula deta ya simu imene mukugwiritsa ntchito. Chachitatu, kamera yabwino ndi ya kumbuyo, koma mukaigwiritsa ntchito simuona ndemanga. Kamera ya kutsogolo imakuonetsani ndemanga, komabe nthawi zambiri imatembenuza malemba, moti kapepala ka mtengo kamawerengeka chobwerera pokhapokha mutasintha m'zokonzera.

OBS Studio ndi pulogalamu yaulere ya pakompyuta. Imakulolani kuika dzina la bizinesi pasikirini, kusintha makamera awiri, kulumikiza mawu ochokera pa mikisa, makina osakanizira mawu a maikolofoni ndi zida zoimbira, komanso kusankha nokha kuchuluka kwa deta imene mukutumiza pa sekondi. Kwa tchalitchi chimene chili kale ndi mikisa ndi wachinyamata wodziwa kompyuta, iyi ndiyo njira yoyenera. Koma OBS imachita zimene mwaiuza basi. Mukaiuza kuti itumize zambiri kuposa zimene netiweki ingathe, imangotaya zithunzi, owonera n'kumaona munthu akudumphadumpha. Pali kabokosi kochepetsa vutoli, pa `Settings > Advanced > Network`, kolembedwa `Dynamically change bitrate to manage congestion`, ndipo ndi bwino kukachonga. Imafunanso `Stream Key`, kiyi wachinsinsi wochokera ku Facebook kapena YouTube. Aliyense amene wamutenga atha kuulutsa zake pa peji yanu, choncho asaoneke pasikirini kapena m'gulu la WhatsApp. Ndipo laputopu yakale imene batire yake inafa imazima nthawi yomweyo magetsi akathima.

StreamYard ili pakatikati. Imagwira ntchito mu bulawuza, simutsitsa kanthu, ndipo mphamvu yake ndi kulowetsa mlendo amene ali kwina ndi kukweza ndemanga ya wowonera pasikirini kuti onse aiwerenge. Pa zokambirana za anthu awiri, wina ali ku Mzuzu wina ku Leeds, palibe njira yophweka kuposa iyi. Yaulere imaika chizindikiro cha kampaniyo pakona ndipo ili ndi malire, pomwe kuulutsa malo angapo nthawi imodzi n'kolipira ndi khadi. Dziwaninso kuti mlendo akalowa, intaneti yanu imagwira ntchito ziwiri, kutumiza zanu ndi kulandira zake, ndipo mbali imene netiweki yafooka ndiyo imawononga macheza onse.

Maganizo anga ndi akuti laivu yoyamba ichitike pa foni yokha, itakhazikika pa choimikira, ndi kamera ya kumbuyo. Ndalama imene mukanagulira chida china mugulire kamaikolofoni kopana pa kolala, kapena mugwiritse ntchito ka pa mahedifoni a waya. Foni ikakhala mamita awiri kuchokera pakamwa panu imatola mkokomo wa m'chipinda, wailesi ya aneba ndi galu wa panja mofanana ndi mawu anu. OBS idikire mpaka tsiku limene mudzaone kuti pali chinthu chenicheni chimene foni ikukukanizani.

Intaneti: nambala imene ambiri sayang'ana

Apa ndipo pagona nkhani. Timizere ta netiweki pakona ya foni timangosonyeza kuti mukumvana bwanji ndi nsanja, sitikuuzani kuti anthu angati akugawana nsanjayo. Ndipo kuonera vidiyo bwinobwino sikutsimikizira kanthu, chifukwa kuonera ndi kulandira, pomwe laivu ndi kutumiza. Mukatsegula speedtest.net mumaona manambala awiri, `Download` ndi `Upload`. Wanu ndi wachiwiriyo. Pa fast.com muyenera kudina `Show more info` kuti aoneke. Kawirikawiri amakhala wocheperapo kuposa woyambayo, nthawi zina ndi patali ndithu.

Nsanja ya netiweki ili ngati mjigo wa m'mudzi: masana mumangofika n'kutunga, madzulo mumapeza mzere wa ndowa. Nthawi imene anthu aweruka ndi kukhala pansi ndi mafoni awo, yomwenso mukufuna kupita laivu, ndiyo nthawi imene liwiro limatsika. N'chifukwa chake kuyesa kwa 10 koloko m'mawa sikunena chilichonse za 7 koloko madzulo. Yesani pamalo enieni pamene foni idzaime, pa ola lenileni la laivu, kwa masiku awiri kapena atatu, ndipo mukhulupirire nambala yotsikitsitsa osati yokwera kwambiri.

Tiyerekeze kuti mayi uja wayesa katatu madzulo ndipo wapeza `Upload` ya 6.1, kenaka 4.0, kenaka 2.8 Mbps, umene ndi muyeso wa liwiro la intaneti. Nambala yake yeniyeni ndi 2.8. Lamulo lotetezeka n'lakuti zimene mukutumiza zikhale pafupifupi theka la nambala imeneyo, kuti netiweki ikagwedezeka pakhale mpata. Theka la 2.8 ndi 1.4 Mbps, kapena kuti 1400 kbps, pafupi ndi 1500 kbps, amene ndi malire a m'munsi oti chithunzi cha 720p, cha kukula kwa 1280x720, chioneke bwino. Akanakhala pa OBS akanalemba chonchi:

```
Output (Scaled) Resolution: 1280x720
Common FPS Values: 30
Video Bitrate: 1500 Kbps
Audio Bitrate: 128
Keyframe Interval: 2 s
```

Wina amene `Upload` yake sitsika pansi pa 5 Mbps atha kukweza kufika 2500. Za 1080p ziiwaleni kaye, popeza zimafuna 3000 kupita m'mwamba, ndipo owonera anu ambiri ali pafoni, kusiyanako sakuona. Nambala yotsikitsitsa ikakhala pansi pa 2 Mbps, musakakamire: sunthani foni kufupi ndi zenera, yesani netiweki ina, kapena sinthani ola. Nthawi zina kusamuka kuchoka kuchipinda chamkati kupita pakhonde kumasintha zinthu kuposa kugula foni yatsopano.

Manambala omwewa amakuuzani bandulo yoti mugule. Chithunzi cha 1500 kuphatikiza mawu a 128 ndi 1628 kbps. Mukagawa ndi 8 mupeza makilobaiti pafupifupi 200 pa sekondi, ndipo pa ola lathunthu zimafika cha m'ma 730 MB. Pa 2500 ola limadya pafupifupi 1.2 GB. Pafoni simusankha nokha, choncho yezani: onani deta yotsala, chitani laivu yoyesera ya mphindi 10, onaninso, muchulukitse ndi 6. Mukapeza yankho gulani kawiri kake. Ndipo yoyeserayo ichitike ndi bandulo yomwe ija mudzagwiritse ntchito pa tsikulo, chifukwa bandulo ya masamba a mchezo siigwira paliponse, makamaka mukadutsira pa laputopu kapena pa StreamYard.

Magwero a intaneti amasiyana chonchi. Deta ya mu foni yojambulirayo ndi yosavuta, koma foniyo imasenza ntchito zonse, imatentha msanga, ndipo kuimba kumaisokoneza. Kutenga intaneti ku foni yachiwiri kapena ku karauta kam'thumba kumathetsa zonse ziwiri: foni yojambulira mumaiika pa `Airplane mode` n'kuyatsa wayifayi yokha, palibenso angakuimbireni pa simu, ndipo karautako mumakaika pazenera pamene netiweki ili bwino pomwe inu muli pamene pali kuwala. Iyi ndiyo njira imene ndimailimbikitsa kwa ambiri. Wayifayi ya pa ofesi kapena pa loji imaoneka yamphamvu, koma simudziwa kuti alipo angati akuigwiritsa ntchito. Ngati ndi ya faiba ndipo mungalumikize laputopu ndi waya, imeneyo imaposa zonse. Starlink, imene inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023, imathandiza kumadera kumene netiweki ya mafoni ndi yofooka, koma imafuna magetsi, thambo losatchingidwa ndi mitengo, ndipo mvula yamphamvu imatha kuidula kwa kanthawi.

Chilichonse chimene mwasankha, khalani ndi chachiwiri cha kampani ina. Ngati mukutumiza ndi Airtel, foni ya wokuthandizani ikhale pa TNM, kapena mosinthanitsa, ndipo foni yojambulira ikhale italumikizidwapo kale kamodzi kuti isafunse mawu achinsinsi pakati pa laivu. Zimitsaninso zonse zimene zimatumiza mwakachetechete, monga kusunga zithunzi ku Google Photos ndi kusunga macheza a WhatsApp, chifukwa zimadya `Upload` yomweyo. Batire ikhale yodzadza, pawabanki pafupi, ndipo nyali ikhale yotchaja, kuti magetsi a ESCOM akapita chipinda chisade.

Kuyesa kumene kumanena zoona

Speedtest imayeza masekondi ochepa, pomwe laivu ndi ola. Kuyesa kwenikweni ndi laivu yobisika. Pa akaunti ya Facebook sankhani `Only me` pamene pakufunsa oonera. Pa YouTube sankhani `Unlisted` mutumize ulalo kwa mnzanu mmodzi. Iyendetseni mphindi 10 kapena 15, chifukwa kutentha kwa foni sikuoneka m'mphindi ziwiri zoyamba. Lankhulani monga mudzalankhulire, nyamulani diresi, tembenukani, yendani. Chithunzi cha munthu wongokhala phee chimafuna deta yochepa, koma nsalu ya maluwa ikamagwedezeka ndi pomwe netiweki yofooka imaonekera, chithunzi chimasweka timabokosi.

Mukatha onerani zimene mwajambulazo ndi mahedifoni. Mawu akamadukaduka limodzi ndi chithunzi, vuto ndi netiweki. Pa OBS mudzaona nambala ya `Dropped Frames` ikukwera m'munsi mwa sikirini, ndipo mankhwala ake n'kutsitsa `Video Bitrate`. Ngati nambalayo ili pa 0 koma chithunzi chikukakamirabe, ndiye kompyuta yalemedwa, tsekani mapulogalamu ena. Mukamva mawu anu akubwerezabwereza, pali foni m'chipindamo imene ikuonera laivuyo sipika ili yotsegula. Pa yoyesera ya `Unlisted` mungayezenso kuchedwa: ombani m'manja kamodzi, mnzanu awerenge masekondi mpaka aone pafoni yake. Nambala imeneyo muisunge, ikufunika pa nkhani ya ndemanga.

Nyimbo zizimitsidwe. Facebook ndi YouTube zimazindikira nyimbo za eni ake ngakhale zikumvekera patali, ndipo zimatha kutseka mawu kapena kuimitsa laivu. Amene mukuulutsa chinkhoswe muganizire zimenezi kudakali nthawi, chifukwa perekaniperekani amayenda ndi nyimbo zokhazokha.

Ndemanga: nokha, kapena ndi wokuwerengerani

Pali njira zitatu. Yoyamba n'kuwerenga nokha mukulankhula. Imatheka owonera akakhala ochepa, koma maso amachoka pa kamera, chiganizo chimathera panjira, ndipo wowonera amaona munthu akuwerama n'kumang'ung'udza. Yachiwiri n'kulankhula kaye n'kuyankha mafunso pamapeto. Imagwira pa phunziro, koma pa malonda ndi yolakwika, chifukwa wofunsa saizi sadikira mphindi 40. Yachitatu, imene ndikuikonda, ndi wokuthandizani wokhala kuseri kwa kamera ndi foni yake, sipika itatsekedwa, kope ndi cholembera zili pamiyendo. Iye amawerenga mokweza dzina ndi funso, inu mumayankha mukuyang'ana kamera. Kope ndi la mayina a ogula.

Tsopano kumbukirani masekondi a kuchedwa aja. Zimene mwanena zimafika kwa wowonera patapita masekondi angapo, nthawi zina 20 kapena kuposa, kenaka iye alembe, kenaka ndemangayo ikufikeni. Woyamba kumene amafunsa kuti "alipo akulifuna?", amaona zii, mtima n'kugwa, n'kuika diresi pansi. Akamanyamula lachiwiri ndi pomwe ndemanga za loyamba zimagwa, ndipo chisokonezo chimayambira pamenepo. Mayi wathu apachike kapepala ka nambala yaikulu pa diresi lililonse, kuyambira 1 mpaka 40. Anyamule diresi, atchule nambala, saizi ndi mtengo, aonetse kutsogolo ndi kumbuyo, aonetsenso chilema ngati chilipo, atchule nambala kachiwiri, ndipo asalitsitse isanakwane mphindi imodzi. Madiresi 40 pa mphindi imodzi lililonse ndi mphindi 40, zotsalazo ndi za moni ndi mafunso. Akanafuna kuonetsa 80 mu ola lomwelo akanangothamanga, ogula n'kutsala m'mbuyo.

Lamulo logulira likhale limodzi ndi lachidule: woyamba kulemba "ndatenga 14" ndiye watenga diresi nambala 14. Anene poyera kuti dongosolo la ndemanga limene likugwira ndi la pafoni ya womuthandiza, chifukwa wolemba aliyense amaona ndemanga yake ikutuluka msanga pafoni yake, ndipo mikangano yambiri imabadwira pamenepo. Lamuloli, pamodzi ndi nambala yolipirira ya Airtel Money kapena Mpamba ndi dzina limene limatuluka potumiza ndalama, zilembedwe mu ndemanga imodzi yokhomedwa pamwamba. Izi n'zofunika kwambiri, chifukwa akuba amalowa m'malaivu a malonda, amalembera ogula mwamseri ngati ndi eni katundu n'kupereka nambala yawo. Nenani mobwerezabwereza kuti nambala ndi yokhomedwayo basi, ndipo ogula asalembe manambala awo pagulu. Wotukwana kapena wotsatsa zake, wokuthandizani amufufute kapena amutseke mwakachetechete, inu osamutchula n'komwe.

Mphindi zoyambirira zimasokoneza ambiri. Anthu salowa nthawi imodzi, uthenga woti muli laivu umawafika pang'onopang'ono, ndipo mudzaona owonera atatu kapena asanu. Musakhale chete kudikira, chifukwa amene adzaonere pambuyo pake amayambira pomwepo. Perekani moni, nenani kuti ndinu ndani ndi zimene zichitike, kenaka funsani funso losavuta limene lilinso ndi ntchito: "Mukundimva bwino? Lembani kumene mukuonera." Wina akalemba kuti Zomba, mutchuleni dzina lake ndi ulemu wake, "zikomo amayi, takulandirani a ku Zomba", ndipo ena akamva kuti mayina akutchulidwa amayamba kulemba nawonso. Madiresi abwino kwambiri asatuluke m'mphindi zisanu zoyamba, komanso asasungidwe onse kumapeto. Pakatha mphindi 10 zilizonse bwerezani lamulo logulira mwachidule, popeza ambiri amene alipo pa mphindi ya 30 sanamve chiyambi.

Dongosolo lonseli lilembedwe pa pepala limodzi ndi zilembo zazikulu, limatidwe kuseri kwa choimikira foni. Kulengeza kuchitike masiku awiri kapena atatu kusanafike, ndi chikumbutso ola limodzi isanayambe, ndipo ngati mukuyembekezera abale a kunja tchulani nthawi yawo: Joni ndi Harare ndi nthawi imodzi ndi kuno, pomwe ku Britain ali m'mbuyo ndi ola limodzi m'chilimwe chawo ndi maola awiri m'nyengo yawo yozizira.

Laivu ikaduka, musadine batani lomaliza msanga, chifukwa pulogalamu imayesa kulumikizanso yokha kwa kanthawi. Wokuthandizani alembe nthawi yomweyo mu ndemanga kuti "netiweki yavuta, musachoke, tikubwera", inu mukusinthira ku intaneti yachiwiri ija. Ikakanika, yambani laivu yatsopano ya mutu womwewo ndi mawu oti "gawo lachiwiri", wokuthandizani aike ulalo wake pansi pa yakaleyo, ndipo muyambe ndi kuwerenga m'kope manambala amene atengedwa kale kuti pasakhale wogula diresi limodzi kawiri.